Mawu a m'chilengezo cha ntchito: angati alowe m'kalata, ndipo alowe bwanji

Funso: Zikomo bambo. Ine ndimakhala ku Rosettenville. Ndinagwira ntchito yoyang'anira katundu zaka 3 ku Limbe, ndipo tsopano ndatha zaka 4 pa kampani ina ya ku City Deep. Chilolezo chogwirira ntchito ndili nacho, koma ndikafunsira ntchito pa intaneti sindiitanidwa. Anzanga akuti makalata amayamba kuwerengedwa ndi kompyuta, ndiye ndizikopera mawu a m'chilengezo. Ndayesa, koma kalatayo ikumveka ngati mndandanda wa zogula kumsika. Ndakutumizirani chilengezo cha ntchito ya ku Kempton Park, kalata yanga ndi CV. Ndichite bwanji?

Yankho: Achimwene, anzanuwo sakunama, koma pali mbali ina imene sanakuuzeni, ndipo mbali imeneyo ndi imene yasokoneza kalata yanu. Mawu a m'chilengezo ayeneradi kupezeka m'zimene mukutumiza, koma si onse oyenera kulowa m'kalata, ndipo liwu lililonse limene mwalilowetsa liyenera kubwera ndi umboni wake m'chiganizo chomwecho. Mukatsata zimenezi mudzapeza kuti kompyuta ndi munthu sakufuna zinthu zotsutsana monga mmene anthu ambiri amaganizira. Ine ndimagwira ntchito yosankha anthu oti alembedwe ntchito kuno ku Johannesburg, ndipo ndifotokoza zimene zimachitika mbali ya kuno mukangodina batani lotumizira.

Makampani akuluakulu ambiri amalandira zofunsira ntchito kudzera m'pulogalamu yotchedwa ATS, ndipo mayina amene mumawaona pa adiresi ya tsamba mukamadzaza fomu, monga Workday, SAP SuccessFactors ndi Taleo, ndi mapulogalamu a mtundu umenewu. Masamba olengeza ntchito monga PNet, Careers24 ndi LinkedIn nawonso ali ndi zida zawo zosefera anthu. Pulogalamu yotere imachita zinthu zitatu zosiyana, ndipo m'pofunika kuzisiyanitsa chifukwa chilichonse chimagwetsa munthu mwa njira yakeyake. Choyamba, imafunsa mafunso a pa fomu amene yankho lake ndi inde kapena ayi, kapena nambala ya zaka, ndipo kampani ingathe kuitchera kuti aliyense woyankha mosiyana ndi zimene ikufuna achotsedwe pomwepo. Chachiwiri, imatenga CV yanu n'kuiphwanya m'magawo: dzina, maudindo, zaka, maphunziro, luso. Chachitatu, imalola wosankha anthu kufufuza mawu m'mulu wonse wa ofunsira, ndipo mapulogalamu ena amapereka okha mapointi osonyeza mmene CV ikufananira ndi chilengezo. Kuchotsa munthu popanda wina kumuona kumachitika kwambiri pa mafunso a pa fomu aja. Pa nkhani ya mawu, chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti simunakanidwe ndi wina aliyense, koma dzina lanu silinatuluke pamene wosankhayo amafufuza, ndiye mwatsala pansi pa mulu umene iye sanaufike.

Tiyerekeze kuti pa ntchito ya ku Kempton Park afunsira anthu mazana angapo, zimene si zachilendo pa ntchito za mosungira katundu kuno. Wosankhayo sangatsegule fayilo iliyonse, choncho amalemba m'bokosi lofufuzira zinthu zonga izi:

```
("stock controller" OR "inventory controller") AND "cycle counts" AND GRV
```

Amene mafayilo awo ali ndi mawu amenewa amatuluka, ndipo ndi amene amayamba kuwerengedwa. Mapulogalamu atsopano ena amatha kuzindikira mawu ofanana tanthauzo, koma inu simungadziwe kuti kampani imene mukufunsirayo ili ndi pulogalamu yanji ndiponso inaitchera motani, choncho njira yosakayikitsa ndi kulemba liwu lenilenilo monga lalembedwera m'chilengezo. Dziwaninso kuti fayilo imene pulogalamu imaiphwanya ndi kuipatsa mapointi nthawi zambiri ndi CV. Kalata imangomatidwa pambali, ndipo ngakhale m'mapulogalamu ena mawu ake amapezeka pofufuza, m'mapulogalamu ena sapezeka n'komwe. Apa ndi pamene pachokera langizo langa lalikulu kwa inu: mawu onse oyenera akhale mu CV, pamene mndandanda sukhumudwitsa aliyense, ndipo kalata itenge ochepa okha, chifukwa amene adzaiwerenge ndi munthu amene watsegula kale fayilo yanu ndipo akufuna chifukwa chokuimbirani foni.

Tsopano tione chilengezo chimene mwanditumizira. Ndachifupikitsa n'kusiya mbali zofunika:

```
Stock Controller, Kempton Park. Ref: SC/014
Minimum: Matric / NQF 4; 3 years' stock control in an FMCG warehouse;
cycle counts; GRV processing; variance investigation; MS Excel
Advantageous: SYSPRO; valid forklift licence
Team player, able to work under pressure
```

Mawu a m'chilengezo salemera mofanana, ndipo ntchito yoyamba ndi kuwapatula. Tengani cholembera n'kudula mzere pansi pa dzina la udindo, pansi pa zonse zimene zili pa mutu wa `Minimum`, ndi pansi pa liwu lililonse limene labwerezedwa m'ndime yofotokoza ntchito za tsiku ndi tsiku. M'chilengezo chanu chonse, `cycle counts` yatchulidwa katatu ndipo `variance` kawiri, zimene zikundiuza kuti bwana wa kumeneko ali ndi vuto la katundu wosagwirizana ndi zolembedwa mu kompyuta, ndipo akufuna munthu woti alithetse. Amenewa ndiwo mawu oyamba. Gulu lachiwiri ndi la zimene zili pa mutu wa `Advantageous`, zimene sizigwetsa munthu koma zimamukweza pakakhala ofanana ambiri. Gulu lachitatu ndi mzere womaliza uja wonena za khalidwe, ndipo limeneli lisiyeni. Wosankha anthu safufuza `team player`, chifukwa pafupifupi aliyense amalemba zimenezo, kotero kuti kufufuzako sikungachepetse mulu ngakhale pang'ono. Mawu amene amafufuzidwa ndi maina a zinthu zogwirika: udindo, pulogalamu ya kompyuta, satifiketi, laisensi, mtundu wa ntchito. Inu munapereka ndime yathunthu ku gulu lachitatuli, ndipo ndimeyo sinakupindulireni kanthu kwa kompyuta kapena kwa munthu.

Ntchito yachiwiri, imene kwa ife ochokera kumudzi ndi yaikulu kuposa mmene timaganizira, ndi kuyerekeza mawu a m'chilengezo ndi mawu amene inu mumatchulira ntchito yomweyo. Mu CV yanu mwalemba `GRN` ponseponse, chifukwa ndi mmene munkalitchulira ku Limbe pepala lolandirira katundu. Makampani ambiri a kuno amalitcha `GRV`. Pepalalo ndi limodzi ndipo ntchito yake ndi imodzi, koma kufufuza kumene ndakusonyezani pamwambapa kukanakudumphani ngakhale mwagwira ntchitoyi zaka 7. Chimodzimodzi, inu mwalemba `stock taking` pamene iwo akufuna `cycle counts`. Apa samalani, chifukwa zinthu ziwirizi si chimodzi kwenikweni: choyambacho chimatanthauza kuwerenga katundu yense nthawi imodzi, kawirikawiri pakutha pa mwezi kapena pa chaka, pamene chachiwiricho ndi kuwerenga gawo laling'ono la katundu mosinthasintha, tsiku lililonse kapena sabata iliyonse, ntchito ina ili mkati. CV yanu ikunena kuti Lachisanu lililonse mumawerenga mashelefu angapo mosinthanitsa, ndiye kuti ntchito yachiwiriyi mumaichita ndithu, kungoti simunaitchule dzina limene olemba ntchito amaitchulira. Kusintha kotereku si bodza ayi. Bodza ndi kulemba liwu la ntchito imene simunaigwire, ndipo malire ake ndi amenewo.

Dzina la udindo limavutirapo pang'ono. Ku City Deep kalata yanu ya ntchito imati ndinu `Storeman`, koma zimene mumachita ndi za `Stock Controller`. Musasinthe dzinalo mu mbiri ya ntchito, chifukwa akadzaimbira foni abwana anu kuti atsimikize, kusiyanako kudzaoneka ngati chinyengo. Siyani `Storeman` pamalo pake, ndipo pansi pake, m'mizere yofotokoza ntchito, lembani `stock control`. Kenako pamwamba pa CV, m'chiganizo chodzifotokoza mwachidule, nenani kuti mukufuna udindo wa `Stock Controller`. Potero liwulo lapezeka ndipo palibe chimene mwanama. Mawu achidule alembeni m'njira zonse ziwiri kamodzi kokha, mwachitsanzo `goods received vouchers (GRV)`, chifukwa wina adzafufuza lalitali ndipo wina lachidule. Tsatiraninso kalembedwe ka m'chilengezo, chifukwa Chingerezi cha kuno chimalemba `licence` pamene foni yanu ingakusinthireni kukhala `license`.

Tifike pa kalata yeniyeni. Chiganizo chimene chakudandaulitsani ndi ichi:

```
I am a team player with stock control, cycle counts, GRV processing,
variance investigation, FIFO, MS Excel, SYSPRO and FMCG skills.
```

Kompyuta ingachilandire, koma munthu amene analemba chilengezocho adzazindikira nthawi yomweyo kuti mwamubwezera mawu ake omwe, pafupifupi m'ndondomeko yomweyo imene iye anawalembera. Chiganizochi sichikumuuza kuti munagwira kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, pa katundu wochuluka bwanji, kapena kuti chinasintha n'chiyani chifukwa cha inu. Aliyense amene anawerenga chilengezocho akanatha kuchilemba, ngakhale amene sanalowepo mosungira katundu. Mawu a m'chilengezo ali ngati mchere m'ndiwo: akasowa aliyense amadziwa, koma akamamveka paokha ndiye kuti ndiwo zawonongeka.

Njira imene ndimaphunzitsa ndi yakuti chiganizo chilichonse chiyambire pa chinthu chimene chinachitikadi, ndipo liwu la m'chilengezo lingokhala dzina la chinthucho. Musadzifunse kuti liwu ili ndiliike pati. Dzifunseni kuti ndi liti pamene ndinachita ntchito imeneyi, ndipo chinatulukapo n'chiyani. Mu CV yanu, pamzere wina wakumunsi umene mwina simunauone kufunika kwake, mwanena kuti munapeza chimene chinkachititsa kuti mafuta ophikira azioneka operewera mwezi uliwonse: makatoni a mabotolo 6 ankalowetsedwa mu kompyuta ngati a mabotolo 12. Imeneyi ndiyo nkhani imene bwana wa ku Kempton Park akufuna kumva, ndipo mawu ake anayi alowamo okha popanda kuwakakamiza:

```
For four years I have handled stock control in an FMCG warehouse in City Deep
carrying about 1 200 product lines. I run weekly cycle counts, and it was my
variance investigation that traced a monthly shortage of cooking oil to cases
of 6 being booked in as cases of 12.
```

Taonani zimene zachitika. Mawu anayi a m'chilengezo, `stock control`, `FMCG warehouse`, `cycle counts` ndi `variance investigation`, onse alipo ndipo alembedwa ndendende monga m'chilengezo, kotero kuti kufufuza kulikonse kumene kumafika m'kalata kudzawapeza. Koma munthu wowerenga sakuona mndandanda. Akuona malo, kukula kwa ntchito, ndi vuto limene linathetsedwa, ndipo ngati ndi munthu wodziwa ntchitoyi adzagwedeza mutu, chifukwa kusokonekera kwa chiwerengero cha m'katoni ndi vuto limene aliyense woyang'anira katundu anakumanapo nalo. Ndimeyi yamupatsanso funso loti adzakufunseni pa intaviyu, ndipo ndi funso limene inu mudzaliyankha mosavuta chifukwa munaliona ndi maso anu. Nambala ya 1 200 ndaitenga mu CV yanu. Ngati simuli wotsimikiza za nambala ina iliyonse, lembani yoyandikira imene mungathe kuiteteza, osati yokometsera.

Ndime yotsatira itenge mawu otsala a gulu loyamba, koma isinthe kamangidwe kuti kalata isamveke ngati yodindidwa. M'malo mwa nkhani ina, fotokozani mmene tsiku lanu limayendera: kuti mumayang'anira `GRV processing` ya magalimoto amene abwera tsikulo, kuti simulola katundu kukwera pashelefu mapepala asanagwirizane ndi oda, ndipo kuti lipoti la sabata mumalikonza mu `MS Excel`. Pa liwu lomalizali onjezerani chimene mumachita nacho, monga `pivot tables` kapena `VLOOKUP` ngati mumazigwiritsadi ntchito, chifukwa dzina la pulogalamuyi palokha limalembedwa ndi aliyense. Zikatero mawu asanu ndi limodzi alowa m'ndime ziwiri. Kwa kalata ya tsamba limodzi, ya mawu pakati pa 250 ndi 300, chiwerengero chimenechi n'chokwanira, ndipo ine sindilangiza kupitirira mawu awiri a m'chilengezo m'chiganizo chimodzi kupatula choyamba chija chodzidziwitsa. `FIFO` ikhale mu CV. Liwu lililonse lioneke kamodzi m'kalata. Kufufuza kwa mtundu umene ndakusonyezani kumangofunsa ngati liwu lilipo kapena palibe, choncho kulibwereza kasanu sikuwonjezera kanthu, pamene kwa munthu kubwerezako kumamveka msanga.

Nkhani ya `SYSPRO` ndiyo yafuna kuti tikambirane mosabisa. M'kalata mwalemba kuti muli ndi luso lake, koma CV ikusonyeza kuti ku City Deep mumagwiritsa ntchito `Sage Pastel`. Lichotseni pa mndandanda wa luso lanu lero lomwe. SYSPRO ndi pulogalamu imene inayambira kuno ku Johannesburg, ndipo ndi yofala m'mafakitale ndi mosungira katundu moti wokufunsaniyo mosakayika amaidziwa bwino. Funso limodzi lokha, lakuti mumalowa pati polandira katundu wa oda, lidzaulula zonse, ndipo zikatero adzakayikiranso zinthu zoona zimene mwalemba. Komabe pali njira yolitchulira moona mtima, m'kalata mokha ndiponso kamodzi:

```
My system experience is on Sage Pastel. I have not yet worked on SYSPRO,
but the receiving, transfer and adjustment steps are ones I do daily.
```

Ena mwa anzanga pa ntchitoyi amati chiganizo chotere n'kuzembera, chifukwa liwulo lidzatuluka pofufuza ngakhale munthuyo alibe luso lake. Ine sindiona choncho, malinga ngati chinthucho chili pa mutu wa `Advantageous`. Wowerenga wauzidwa zoona poyera, ndipo wapatsidwa chifukwa chomveka choganizira kuti mudzaphunzira msanga. Koma chinthucho chikanakhala pa mutu wa `Minimum`, chiganizochi sichikanakuthandizani, ndipo ndikanakulangizani kusunga nthawi ndi ndalama za intaneti kuti mufunsire kwina. Laisensi ya `forklift` nayo itchuleni pokhapokha ngati sinathe nthawi, ndipo lembani mwezi ndi chaka chimene idzathere, chifukwa liwu lakuti `valid` m'chilengezomo silinaikidwe mwangozi.

Pa maphunziro m'pamene Amalawi ambiri amagwera popanda kudziwa. Chilengezo chikuti `Matric / NQF 4`, ndipo inu muli ndi MSCE ndi satifiketi ya zogula ndi kusunga katundu. Musalembe kuti muli ndi `Matric`, chifukwa imeneyo ndi satifiketi ya dziko lino imene inu simunalembe mayeso ake, ndipo kusintha kwa mu 2019 kwa lamulo la NQF, ndondomeko ya milingo ya maphunziro ya dziko lino, kunaika kunama za maphunziro pa gulu la milandu. Koma mukangolemba `MSCE` pokha, kompyuta siigwirizanitsa ndi chilichonse, ndipo wosankha anthu wa kuno mwina sanaimvepo. Bungwe la SAQA ndilo limayesa masatifiketi akunja n'kunena kuti akufanana ndi mulingo uti wa NQF. Ngati munayesetsa kale, lembani dzina lonse la satifiketiyo, kenako `SAQA evaluated` ndi mulingo umene walembedwa pa pepala lawo, ndendende monga ulili, osaukweza. Ngati simunayesetse, chimenechi chichiteni musanatumize makalata ena ambiri, chifukwa funso la maphunziro limabwera pa fomu ngati la inde kapena ayi, ndipo kumeneko kalata yabwino singakupulumutseni. Chilolezo chogwirira ntchito nachonso chitchuleni ndi dzina lake lenileni monga lalembedwera mu pasipoti, m'chiganizo chimodzi chakumapeto kwa kalata. Onetsetsani kaye ngati ndi cha mtundu womangirizidwa kwa bwana mmodzi, monga `general work visa`, chifukwa olemba ntchito adzafunsa zimenezo. Ndiyeneranso kunena kuti chilengezo chikanena kuti ndi cha `EE`, kampaniyo ikutsata zolinga za lamulo la Employment Equity la mu 1998, limene magulu amene limawakweza ndi a nzika za dziko lino, ndipo pamenepo kusaitanidwa kwanu sikukhudzana ndi mawu a m'kalata.

Pali chinyengo china chimene chimafala m'magulu a pa foni, chakuti mukopere chilengezo chonse n'kuchimata pansi pa CV ndi zilembo zoyera kapena zazing'ono kwambiri kuti munthu asazione. Musachite. Pulogalamu ikaphwanya fayilo imataya mitundu ndi kukula kwa zilembo, ndipo wosankha anthu akatsegula mawu otulukawo amaona zonse zakuda bii pamaso pake, pamodzi ndi chilengezo chake chomwe. Ine ndikaona zimenezo fayiloyo ndimaitseka.

Zonsezi zingapite pachabe ngati fayilo yeniyeniyo siwerengeka, ndipo yanu ili ndi vuto limeneli. CV imene mwanditumizira ndi PDF yopangidwa pojambula pepala losindikizidwa, mwina pa malo ena ojambulira mapepala m'tauni. Kwa munthu ikuoneka bwino, koma mkati mwake muli chithunzi chokha, mulibe zilembo, ndipo mapulogalamu ambiri sapezamo liwu ngakhale limodzi. N'kutheka kuti ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene simunaitanidwire, kuposa kalata ija. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsegulani fayiloyo pa kompyuta, dinani `Ctrl+F`, lembani dzina lanu. Likapanda kupezeka, ndiye kuti ndi chithunzi. Lembaninso CV mu Word, ndipo muitumize ngati `.docx` kapena muisunge ngati PDF kuchokera mu Word momwemo, potsata mtundu umene chilengezo chapempha. Mukatha, dinani `Ctrl+A`, koperani zonse, n'kuzimata mu Notepad. Zimene mukuona pamenepo zikufanana kwambiri ndi zimene pulogalamu idzaone. Ngati zaka zasiyana ndi maudindo ake, kapena mizere ya kumanzere yasakanikirana ndi ya kumanja, chotsani matebulo, mabokosi ndi mizati iwiri, mulembe zonse kuchokera pamwamba kutsika pansi. Nambala ya foni ndi imelo zikhale m'thupi la tsamba, osati m'kachigawo kapamwamba kotchedwa `Header`, chifukwa mapulogalamu ena amakadumpha. Mitu ikhale yozolowereka, monga `Work Experience`, `Education` ndi `Skills`.

Mungathenso kuzindikira pamene mukugwera poona mmene kukanako kukubwerera, ngakhale zizindikirozi si zotsimikizika nthawi zonse, popeza makampani ena amachedwetsa dala imelo yokana. Imelo yokana ikabwera pasanathe maola ochepa, kapena pakati pa usiku, kawirikawiri ndi funso la pa fomu limene lakuchotsani, ndiye onaninso zimene munayankha pa zaka, maphunziro, chilolezo ndi malipiro amene mukufuna. Ngati mutakweza CV fomu yadzidzaza yokha molakwika, dzina la kampani lalowa pa malo a udindo kapena mabokosi atsala opanda kanthu, vuto ndi kamangidwe ka fayilo, ndipo konzani mabokosiwo ndi dzanja musanatumize, chifukwa zimene zili mmenemo ndi zimene zimafufuzidwa. Kukangokhala chete mpaka masiku amene chilengezo chinatchula atadutsa, pa ntchito imene mukuikwanitsa bwino, ganizirani za mawu. Koma ngati amakuimbirani foni kenako osapitiriza, ndiye kuti mawu agwira ntchito yake, ndipo chimene chikuperewera ndi umboni wa kumbuyo kwa mawuwo.

Chiyambi cha kalata chikhale chachidule ndipo chinyamule dzina la udindo ndi nambala yake monga zalembedwera, `Stock Controller, Ref: SC/014`, ndipo ngati mukutumiza pa imelo mawu omwewo akhale pa mutu wa imeloyo, chifukwa m'makampani ang'onoang'ono amene alibe ATS makalata amapatulidwa ndi mutu umenewu basi. Pa tsamba limene lili ndi bokosi lolembamo kalata, matani mawuwo m'bokosimo m'malo mongokweza fayilo, ndipo onani ngati mizere sinasweke. Kalata yonse ikhale ndi mzere wotsegulira, ndime ya mafuta ophikira ija, ndime ya ntchito za tsiku ndi tsiku pamodzi ndi chiganizo cha SYSPRO, ndi mizere iwiri yotsekera yonena za chilolezo ndi nthawi imene mungayambe ntchito, potsata notisi imene muyenera kupereka kumene muli.

Musanatumize, yesani kalatayo kawiri. Kuyesa koyamba n'kwa kompyuta: ikani chilengezo pambali, ndipo liwu lililonse limene munadula mzere pansi pake lifufuzeni ndi `Ctrl+F` mu CV, kenako mawu asanu ndi limodzi aja muwafufuze m'kalata. Kuyesa kwachiwiri n'kwa munthu: werengani kalatayo mokweza pamaso pa mnzanu amene sanaone chilengezocho, kenako mumufunse kuti akuuzeni chimene mumachita pa ntchito. Akayankha kuti ndinu uja anapeza vuto la makatoni a mafuta, kalatayo yakonzeka. Akakubwezerani mawu osalumikizana, kapena mukapunthwa pa chiganizo china powerenga, pezani liwu la m'chilengezo limene lili m'chiganizocho popanda umboni wake, mulichotse m'kalata n'kulisiya mu CV. Pa chilengezo chotsatira simudzayambiranso pachiyambi. Sungani nkhani zinayi kapena zisanu za ntchito yanu mu fayilo imodzi, iliyonse ndi nambala zake, ndipo pa ntchito iliyonse muzisankha ziwiri zogwirizana ndi mawu amene abwerezedwa m'chilengezocho, n'kusintha maina a zinthu kuti afanane ndi mmene kampaniyo yawalembera.